Ndime Imodzi ya Manachesi a ku Thambani

Ku Mwanza ndinapitako ngati katundu wongotumizidwa. Akuluakulu a ntchito anati kukufunika mlangizi wa zaulimi, ine n'kunyamuka kwathu ku Ntchisi, mwana wanga n'kumusiya kwa akulu anga kuti asasokonezeke sukulu. Ndinapeza nyumba ya lendi kuseri kwa boma, zipinda ziwiri, zenera limodzi loyang'ana khoma la aneba. Anzanga a mu ofesi ambiri mabanja awo anali ku Blantyre. Lachisanu dzuwa likangopendeka, onse pa minibasi, ine n'kutsala ndi makiyi. Loweruka ndinkachapa ngakhale zovala zoyera kale kuti tsiku lipite, uku ndikumvera mathiraki akulira ulendo wa ku malire. Ndisaname, ndinkasungulumwa koopsa.

Aliyense ankanditchula kuti alangizi. Kumsika alangizi, kutchalitchi alangizi, ngakhale mwininyumba pobwera kudzaona mpopi wodontha, alangizi. Dzina limeneli ndi laulemu, koma silikuitanira kunyumba kwa munthu.

Mwa ntchito zanga, ina inali yothandiza gulu la alimi a manachesi cha ku Thambani. Gululi linali ndi bodi yake: apampando, alembi amene anali mphunzitsi wopuma, asungichuma, ndi ena angapo, onse alimi. Linalinso ndi nazale. Ankafesa nthanga za mandimu m'machubu, mbande zikakula n'kuzimezanitsa. Kumezanitsako n'kotere: umadula kadiso pa nthambi ya nachesi wabwino, pamene pakanatuluka mphukira, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la mbande ya ndimu, n'kumanga ndi pulasitiki. Mizu imakhala ya ndimu, zipatso za nachesi. Timaso tonse ankatenga m'munda wa achiwiri kwa apampando, bambo wachikulire amene manachesi ake ankadziwika dera lonselo chifukwa cha kutsekemera. Nazale yomweyo inali kumunsi kwa munda wawo, pafupi ndi kamtsinje.

Tsiku loyamba kufika pakhomo pawo ndi njinga yamoto ya ntchito, akazi awo ananditulutsira mpando. Kachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lina mvula inanditsekereza komweko, tinacheza mpaka kukhuta, ndipo ulendo wotsatira nditayang'anayang'ana mpando uja, mayiwo anaseka.

"Mpando ndi wa alendo. Khalani pamphasa apa, mwana wanga, muzindithandiza kutongola nandolo."

Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkakwera matola wa ku Thambani. Tinkakhala pansi pa nachesi wamkulu wa pafupi ndi khonde, kudya chinangwa chophika, kumwa thobwa. Abambo aja ankanditonza kuti anthu a ku Ntchisi timadziwa fodya basi, nachesi tinamuonera pa chithunzi. Ine n'kuwabwezera kuti iwo akaona munda wa chimanga wa kwathu angathawe poyesa nkhalango. Ndinayamba kuwatchula kuti bambo ndi mayi, osawonjezera kanthu. M'boma lonse la Mwanza, khomo limene ndinkalowa osagogoda linali limenelo lokha.

Masamba achikasu ndinawaona ndili pamphasa pomwepo. Chikasu chake chinali cha mawangamawanga, mbali imodzi ya tsamba osafanana ndi inzake. Masamba ena anali ndi timatuza. Nyengo ya zipatso, mitengo ina inabala timanachesi tating'ono, topindika, kumunsi kosapsa, towawasa. Bambo anati ndi njala, nthaka yatopa, ifuna feteleza. Ndinkafunitsitsa kuti zikhale choncho. Koma njala ya mchere wa m'nthaka imayeretsa tsamba mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo ine zimenezo ndinkazidziwa. Ndinawauza a bodi, anavomera, tinathyola masamba m'mitengo yotengako timaso ndi mbande zina za mu nazale, n'kutumiza ku labotale.

Lipoti linafika nthawi ya dzuwa lowotcha lija, mvula ili pafupi. Koma abale, anthu ophunzira! Masamba a Chingerezi okhaokha, dzina la kachilombo la Chilatini lotalika ngati chingwe cha mbuzi, matebulo a manambala, ndi ziganizo zoti ukafika kumapeto waiwala kumene zinayambira. Ineyo wa ntchito yake ndinawerenga mobwereza kuti ndimvetse. Nkhani yake inali yakuti mitengo ya bambo ili ndi matenda amene pa Chingerezi amati greening. Mitengo yonse imene tinayeza inapezeka nawo kupatula umodzi, uja wa pakhonde. Mbande zinanso zinali nawo.

Bodi inakumana m'kalasi ya sukulu ya mpingo, akuluakulu atapanikizika pa madesiki a ana. Alembi anaimirira, magalasi pamphuno, n'kuwerenga lipoti lonse mwa Chingerezi chawo cha kale, akumatanthauzira apa ndi apo. Anthu ankagwedeza mitu. Penapake lipotilo linati zizindikiro za matendawa zimafanana ndi kusowa kwa mchere wina m'nthaka. Bambo anawongola khosi. Kumapeto linati ndi bwino kuyezanso mitengo ina. Asungichuma anapumira m'mwamba. Ine ndinaimirira kufotokoza, koma ndinalankhula ngati lipoti lomwelo, mawu a kusukulu akungotuluka okha. Anandiombera m'manja katatu. Kenako anagwirizana kuti agule feteleza, za kuyezanso adzaona, ndipo mbande zigawidwe kwa mamembala mvula ikangogwa.

Ine ndili ndi mtima wapachala, amayi anga ananena kalekale.

"Iii, ndiye mwamva chiyani apa? Mwawerengerwa uthenga wa maliro inu n'kuomba m'manja?"

Apampando, munthu wofatsa amene sakweza mawu, anandiyang'ana kaye.

"Alangizi, ife tamva zimene tatha kumva. Pepala ili lili ndi makomo ambiri, aliyense watulukira lake. Ngati pali choti tichite, mutilembere pa Chichewa, ndime imodzi, yoti ine ndiwerenge anthu amve n'kukweza manja. Tikumananso pakatha masabata awiri."

Ndinabwerera ku boma ndikutukwana m'chipewa cha njinga, koma apampando ankanena zoona.

Ndime imodzi! Ndinkayesa ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Loweruka m'mawa ndinakhala pa tebulo langa, lipoti kumanzere, pepala kumanja. Yoyamba ndinangotembenuza Chingerezi chija, n'kutuluka chinthu choti ngakhale ine mwini sindikanachimva. Yachiwiri ndinayamba ndi mmene amayezera ku labotale. Ndinaiwerenga mokweza kwa khoma, popeza kunalibe wina woti andimvere, ndipo nditafika pakati ndinadzifunsa: apampando achita nazo chiyani zimenezi? Sakukayeza masamba iwo. Akufuna kudziwa chapezeka n'chiyani, chikutanthauza chiyani pa minda yawo, chimene sitikudziwa n'chiti, ndipo achite chiyani, liti. Dzina la Chilatini ndinalitaya. Matebulo ndinawataya. Mawu aja a mchere wa m'nthaka, amene anasokeretsa anthu, ndinawasandutsa chiganizo chachifupi chotseka khomo limenelo.

Koma kufupikitsa kuli ndi msampha wake. Ukadula kwambiri umapezeka wanama. Ndinali nditalemba kuti mbande zonse zikudwala, chifukwa ndinkafuna anthu achite mantha. Lolemba ndinaimbira foni mayi wa ku labotale amene anasaina lipotilo, n'kumuwerengera.

"Ayi, zimenezo sitinanene ife," anatero. "Tinayeza zochepa, zina mwa izo zili nawo. Nenani kuti simungasiyanitse yodwala ndi yabwino pongoyang'ana. Mbande imatha kukhala nawo miyezi ikuoneka yobiriwira."

"Nanga mtengo umodzi uja umene simunaupeze nawo? Ndilembe kuti uli bwino?"

"Lembani kuti sitinawapeze. Tizilomboti sitikhala paliponse mumtengo, mwina masamba amene munathyolawo analibe. Ukhoza kutsala, muziuyang'anira, mudzauyezenso. Koma timaso musatengeko, ndipo nazale isakhale pafupi."

Ndinathokoza, n'kukonza. Ndime ija inakhala motere, ndipo ndikuikumbukira chifukwa ndinaiwerenga kwa khoma lija mpaka kuiloweza:

"Mitengo ya manachesi imene timatengako timaso, ya m'munda wa achiwiri kwa apampando, yapezeka ndi matenda opanda mankhwala. Si njala, ndipo feteleza sangaichize. Matendawa amayenda ndi timaso timene timadula pomezanitsa, komanso ndi tizilombo touluka timene timasiya matuza pa masamba. Mtengo wodwala umabala zipatso zazing'ono zowawasa, n'kumafooka chaka ndi chaka. Mbande zina za mu nazale zili nawonso, ndipo sitingasiyanitse yodwala ndi yabwino pongoyang'ana, choncho tikazigawa tigawa matenda. Mtengo umodzi wa pakhonde sunapezeke nawo, koma sizikutsimikizira kuti ulibe. Mvula isanagwe, bodi ivomereze izi: mbande za chaka chino zisagawidwe, ziwotchedwe, eni munda apemphedwe kupopera mitengo yodwalayo mankhwala ophera tizilombo, kenako kuidula ndi kuzula zitsa, m'mundamo musatengedwenso timaso, nazale isamukire kutali, itchingidwe ndi neti, ndipo timaso tichokere ku mitengo yoyezedwa yopanda matenda. Izi sizithetsa matendawa m'dera lonse, koma ziletsa gulu lathu kuwafalitsa."

Chiganizo choyamba ndi chimene chinkandiwawa. Ndinayesa kulemba kuti mitengo ina. Ndinayesa kuti mitengo ya mamembala ena. Nthawi zonse ndikawerenga, ndinkaona a bodi akugwedeza mitu, aliyense akuganiza za munda wa mnzake, chaka chamawa anyamata a nazale n'kupitanso ndi mipeni yawo kwa bambo. Komanso anthu a m'midzi yoyandikana, mpaka cha kwa Kanduku, ankabwera okha kudzapempha timaso pakhomo paja, bambo n'kumapereka mwaulere, monyadira. Popanda kutchula munda, ndimeyo inali yabwino kumva koma yopanda ntchito.

Kwathu, ndi kuno komwe, munthu samvera pagulu nkhani yoipa ya pakhomo pake. Umayamba wapita kukamutsina khutu. Lamulungu ndinakwera matola ngati masiku onse, pepala lili m'chikwama.

Mayi anayala mphasa. Ndinadikira tidye kaye. Kenako ndinati, "Bambo, ndili ndi mawu oti muyambe mwamva inu." Ndinawerenga pang'onopang'ono. Bambo anamvera maso ali ku munda. Nditamaliza sanafunse kuti ndibwereze pena paliponse, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti ndimeyo yamveka.

"Ndamva," anatero. "Tsiku lija sindinamve, lero ndamva. Koma mwana wanga, chotsanimo dzina la munda wanga. Lembani kuti mitengo ina. Ine ndidula ndekha mwakachetechete."

"Mudula liti, bambo?"

"Ikangobala kamodzi kokha. Mwaona maluwa mmene achitira."

"Tizilomboto sitidikira kuti mukolole. Masamba anthete akatuluka ndi mvulayi, tichulukana n'kuulukira kwa aneba. Ndipo anthu azibwerabe kudzatenga timaso."

"Ndiye mukufuna dera lonse lizinena kuti matenda anachokera kwa ine? Ine amene ndakhala ndikupatsa anthu mbewu osawalipiritsa?"

"Ndimeyi sikunena kuti anachokera kwa inu. Sitikudziwa kumene anachokera."

"Anthu sadzafunsa zimenezo."

Ankanena zoona. Mayi anali atasiya kutongola nandolo, manja ali m'lichero. Analankhula osandiyang'ana.

"Mawu awiri okha, mwana wanga. Mukulephera kutichotsera mawu awiri?"

Mtima wanga wapachala uja unasowa kolowera, chifukwa panalibe woti ndimupsere mtima. Ndinangomva misozi. Ndinaganiza za Malamulungu onse akubwera, khoma lija, mathiraki aja. Ndinaganizanso za amayi a m'gulu amene anali atakumba kale mayenje kudikira mbande, oti adzathirira mitengo zaka n'kudzakolola towawasa.

"Mayi, china chilichonse ndichita. Koma ndikachotsa mawu amenewo, palibe chimene ndalemba."

Palibe anandikalipira. Bambo anaimirira n'kupita kumunda. Mayi anandiperekeza mpaka pamsewu monga mwa nthawi zonse, koma ulendo wonsewo tinangokamba za kutentha.

Tsiku la msonkhano, apampando anawerenga okha ndime ija, chala chikutsata mizere. Sizinatenge nthawi. Panalibe woomba m'manja. Mayi wina wa m'bodi anafunsa ngati sitingasankhe mbande zobiriwira bwino n'kugawa zimenezo. Ndisanatsegule pakamwa, alembi anamuyankha kuchokera pa pepala lomwelo kuti pongoyang'ana sitingasiyanitse. Asungichuma anafunsa za neti, ndinayankha zimene ndinkadziwa, zina ndinati ndikafunsa. Wina anang'ung'udza kuti thukuta la chaka chonse lipite pamoto. Apampando anati, "Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Bola tiwotche machubu kusiyana n'kuwotcha minda." Kenako anatembenukira kwa bambo, mwaulemu wonse, n'kufunsa ngati eni munda ali ndi mawu.

Bambo anaimirira, chipewa m'manja.

"Pepala lanena zomveka. Mitengo ndi yanga, ndidula."

Onse anakweza manja, bambo nawonso. Potseka, apampando anandithokoza, nati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ankandiyamikira, ndikudziwa. Koma ine ndinangomva mawu akuti mlendo. Potuluka ndinafuna kuwapatsa moni bambo, ndinapeza akumasula njinga yawo, atazunguliridwa ndi anzawo owapepesa ngati pa maliro. Ndinaima pambali kanthawi, kenako ndinaliza njinga yanga.

Ntchito inayenda monga mmene ndimeyo inanenera. Ndinalipo tsiku lopopera, ndinalipo tsiku lowotcha mbande, utsi wa pulasitiki ukutsamwitsa. Tsiku lodula ndinafika ndi anyamata a gulu ndi nkhwangwa zawo. Bambo anakana kuti wina ayambe. Anadula okha mtengo woyamba, n'kupereka nkhwangwa, n'kukalowa m'nyumba. Pofika masana munda unali mbee, mpaka kamtsinje kankaoneka uli pakhonde. Unatsala nachesi mmodzi uja. Nazale yatsopano inamangidwa kutsidya, ndipo lipoti langa la mwezi umenewo abwana analiyamikira.

Lamulungu lotsatira sindinapite. Ndinati ndiwapatse mpata. Linalo mvula inagwa, ndinapeza chonamizira. Ndinabwerera ku zochapa zanga ndi ku foni ya mwana wanga, amene akamalankhula amafulumira chifukwa anzake akumudikira panja. Panjira ndinkamva anthu akuti matenda a kwa achiwiri aja, ndipo nthawi iliyonse ndinkaima n'kukonza kuti sitikudziwa kumene anachokera. Ankavomera, n'kupitiriza kunena chimodzimodzi.

Chimanga chitayamba kumasula ndinalephera kupirira. Ndinagula shuga ndi sopo, n'kukwera matola. Ndinatsika pamalo pomwe paja, n'kuyenda kanjira kaja. M'munda wa manachesi anali atadzalamo chimanga ndi nandolo. Mayi anali pamphasa pansi pa mtengo wotsala uja, akusankha nyemba. Atandiona anaimirira msanga, akumwetulira ndithu, n'kulandira jumbo yanga ndi manja awiri. Anafunsa za mwana, za ku Ntchisi, za njira. Bambo anati apita ku maliro kutsidya, abwera mochedwa.

Ndinawerama kuti ndivule nsapato ndikhale pamphasa.

"Dikirani pang'ono, alangizi," anatero mayi.

Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando uja. Anaupukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, n'kuuika bwinobwino pamthunzi. Ndinakhalapo.